Golide kapena bitikoini: kodi chuma tisunge kuti zinthu zikavuta?

Ochita malonda a usipa ndi mpunga kuno ku Kuti, m'boma la Salima, sanaiwale Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Kuyambira pamenepo achinyamata ena akuti mpamba tizisunga mu bitikoini, ndalama ya pa intaneti ija, ati ndiye golide wamakono.

Koma tiyeni tione zomwe zinachitika misika ya dziko lapansi itagwedezeka. Mu Malichi 2020, mantha a kolona atafika, bitikoini inataya pafupifupi theka la mtengo wake m'masiku awiri okha. Golide nayenso anatsika, koma pang'ono, ndipo pofika Ogasiti anadutsa madola 2,000 pa aunsi imodzi.

Munthu amene anagula bitikoini ya madola 1,000 mu Novembala 2021, mtengo uli pamwamba, pokutha pa 2022 anatsala ndi madola osakwana 250. Mnzake wa golide anali nawo pafupifupi onse.

N'zoona, bitikoini inadzakweranso mpaka kudutsa madola 100,000 mu Disembala 2024. Anapindula ndi amene anatha kudikira. Nanga mayi wofuna kupikula usipa ku Senga Bay mawa m'mawa angadikire zaka ziwiri? Vuto likagwa amagulitsa pa mtengo wa tsikulo.

Golide naye ali ndi minga yake. Wabodza ndi wambiri, malonda ake amafuna chiphaso, ndipo pa Salima pano wokuyezerani n'kukupatsani mtengo woyenera sapezeka msanga.