Makina Olosera Zimene Sikelo Sinaone

Pa fakitale ya simenti, miyala ya laimu imatuluka pa geti la nkhokwe n'kugwera pa lamba woitengera ku chigayo. Tiyerekeze kuti sikelo yoyeza miyalayo ili pa mtunda wa mamita 30 kuchokera pa geti, ndipo lambayo amayenda theka la mita pa sekondi. Ndiye kuti mwala umene wagwa tsopano ufika pa sikelo pakatha masekondi 60. Geti lenilenilo silichedwa, limamvera m'masekondi 10 okha. Chimene chimavuta ndi ulendo wa mphindi yathunthuwo, pamene sikelo imakhala ikunena za miyala imene inathiridwa kale.

Alimi a mthirira amalidziwa vutoli. Ukatsekula madzi kumutu kwa ngalande, kumunda kumakhalabe kouma kwa kanthawi, ndipo wopupuluma amatsekula kwambiri mpaka madzi atafika n'kukokolola mizere. Makina owongolera wamba, amene mainjiniya amawatcha PI, amapupuluma chimodzimodzi. Akaona kuti sikelo ikuwerenga matani 90 pa ola m'malo mwa 100, amatsekula geti. Sikelo sisintha, iwo amawonjezanso. Pofika pamene miyala yoyamba ikupondereza sikelo, geti latseguka mopitirira, ndiye amayamba kutseka mopitiriranso. Kuti zimenezi zithe, mainjiniya amawafooketsa makinawo mpaka azichita zinthu mwaulesi, ndipo kukonza kochepa kumatenga mphindi zingapo.

Mu 1957, Otto Smith wa pa yunivesite ya California ku Berkeley anabweretsa nzeru ina, imene m'mabuku ndi pa makompyuta a m'mafakitale imalembedwa kuti Smith predictor. Iye anati makina owongolera asamadikire sikelo, koma akhale ndi chifaniziro cha masamu cha geti ndi lamba. Chifanizirocho chimafuna manambala atatu: kuchuluka kwa miyala imene imawonjezeka geti likatsekulidwa pang'ono, changu cha getilo, ndi kutalika kwa ulendo wa pa lamba.

Chifanizirochi chimapereka mayankho awiri. Loyamba ndi miyala imene ikugwera pa lamba panopa, ulendo usanayambe. Lachiwiri ndi nambala yomweyo itasungidwa masekondi 60, kutanthauza zimene sikelo iyenera kukhala ikuwerenga panopa ngati chifaniziro chikunena zoona. Zimene makina owongolera amapatsidwa ndi izi:

```
choona makina = yankho loyamba + (sikelo - yankho lachiwiri)
```

Chifaniziro chikakhala cholondola, sikelo ndi yankho lachiwiri zimafanana, za m'mabulaketi zimakhala ziro, ndipo makina amangoyang'ana geti ngati kuti sikelo ili pomwepo pamunsi pake. Apa atha kuchunidwa mwachangu, tinene changu cha masekondi 5. Mukapempha matani 110 m'malo mwa 100, geti limafika pamalo ake m'masekondi ngati 15 n'kukhazikika, ndipo sikelo imatsimikiza pakatha masekondi 75. Ulendo sunachoke, mwala uyendabe mamita ake 30. Chachoka ndi kupupuluma kuja.

Tsono zonsezi zatsamira pa mawu akuti chikakhala cholondola, ndipo zolakwa za chifaniziro sizilemera mofanana.

Tiyambe ndi cholakwa chopepuka. Tinene kuti miyala yauma kuposa tsiku limene anayeza, moti geti likatsekulidwa kuti liwonjeze matani 10 likuwonjeza 15. Pakatha mphindi, sikelo imaulula kusiyana kwa matani 5, makina amabweza geti, ndipo zowonjezerazo zimatsika kufika cha pa 7.5. Mphindi ina zimakwera cha pa 11, kenako 9 ndi kanthu, mpaka kukhazikika pa 10. Pa galafu zimaoneka ngati masitepe amene akucheperachepera mphindi iliyonse. Ngakhale makina atachunidwa mwachangu chotani, masitepewa amazilala malinga ngati geti silikuthira kuwirikiza kawiri zimene chifaniziro chikuganiza. Mpata umenewo ndi waukulu ndithu.

Cholakwa cha nthawi ndiye china. Tinene kuti wina wachepetsa liwiro la lamba kufika pa mamita 0.4 pa sekondi. Ulendo tsopano ndi masekondi 75, koma chifaniziro chikudziwabe 60. Mukapempha matani 10 owonjezera, geti limachita bwinobwino. Pa sekondi ya 60 chifaniziro chimati miyala yafika, pamene sikelo sinaone kanthu. Makina amamva ngati matani 10 asowa, ndipo poti ndi achangu, m'masekondi 15 amenewo amatsekula geti pafupifupi kuwirikiza. Miyala yoyamba ija ikafika amabweza, koma mulu wosafunika uli kale pa lamba. Mulu umenewo nawonso chifaniziro chidzauyembekeza msanga ndi masekondi 15, ndipo ukamadutsa pa sikelo chifaniziro chidzakhala chitauiwala. Choncho mulu umodzi umabala zolakwa ziwiri, kusowa kwabodza kutsogolo ndi kuchuluka kwabodza kumbuyo. Pa changu cha masekondi 5, masamu amaonetsa kuti mafunde amenewa sazilala, amakulirakulira mpaka geti lizingomenya kotseka ndi kotsekula. Taonani kuti geti silinawonongeke, sikelo ili bwino, miyala ndi yomweyo. Chasintha ndi liwiro la lamba basi.

Wodziwa ntchito sayamba ndi kugwiragwira manambala a PI. Amaika makina pa manja, n'kusuntha geti kamodzi, n'kuwerenga masekondi mpaka sikelo itagwedezeka. Kenako amajambula pa galafu kusiyana kwa sikelo ndi yankho lachiwiri. Kusiyanako kukakwera n'kukhala pomwepo, cholakwika ndi kuchuluka kwa zimene geti limathira. Kukatumphuka kwa kanthawi n'kubwerera pa ziro, cholakwika ndi nthawi, ndipo kutalika kwa kutumphukako kumasonyeza pafupifupi masekondi amene chifaniziro chaphonya.

Mankhwala ake alipo, koma ali ndi mtengo. Lamulo losavuta n'lakuti changu cha makina chisachepere masekondi amene mukuopa kuti ulendo ungasinthe. Pa lamba wathuyu, changu cha masekondi 20 chimapirira cholakwa cha masekondi 15 popanda mafunde okula, koma sikelo imakhazikika pakatha mphindi ziwiri m'malo mwa masekondi 75. Gawo lalikulu la phindu lija labwezedwa. Njira yabwino koposa ndi kuika kachipangizo koyeza liwiro la lamba, kuti kompyuta izigawa mamita 30 ndi liwirolo nthawi zonse n'kukonza yokha nambala ya ulendo.

Palinso zimene nzeru ya Smith singathe ngakhale chifaniziro chitalondola kotheratu. Miyala yonyowa ikamata pa geti, chifaniziro sichidziwa chifukwa sichinalamule zimenezo. Sikelo idzaona pakatha mphindi, ndipo kukonza kudzafika pakatha mphindi inanso. Pa matani 100 pa ola, miyala yoposa tani imodzi ndi theka imalowa m'chigayo pa mlingo wolakwika. Komanso pamene chinthu chimadziunjikira, monga madzi odzaza thanki, njira ya Smith yosasinthidwa imasiya mlingo uli pambali pa pamene mukufuna.

Ine ndimaona kuti njirayi ndi yoyenera pamene ulendo ndi wautali kuposa changu cha geti, ndipo ukudziwika kapena ukuyezedwa. Pamene liwiro limasinthasintha popanda woliyeza, PI waulesi uja ndi wodalirika kuposa iyo. Ndipo musanalipire injiniya wolemba chifaniziro, yambani mwafunsa ngati sikelo singasunthidwe kufika pa mamita 5 kuchokera pa geti, chifukwa pamenepo ulendo umatsala masekondi 10 okha.