Maketi oda kapena limiti oda: iti yolowera nayo mitengo ikamathamanga?

Amene mumagula masheya akunja kapena ndalama za pa intaneti pa foni mumaona mabatani awiri, Market ndi Limit. Maketi oda imauza buloka kuti agule pompano pa mtengo uliwonse umene ulipo. Limiti oda imamuuza kuti agule pa mtengo umene mwatchula kapena wotsikirapo, osapitirira. Yoyambayo imakutsimikizirani katundu koma osati mtengo, pamene yachiwiriyo imakutsimikizirani mtengo koma katunduyo mutha kumuphonya.

Chofunika kudziwa n'chakuti mtengo umene ukuoneka pa sikirini ndi wa wogulitsa wotchipa kwambiri, ndipo iyeyo ali ndi katundu wowerengeka. Zili ngati kugula matumba 100 a chimanga pamsika: woyamba ali ndi 20 okha, otsalawo muwapeza kwa anzake okwera mtengo.

Tiyerekeze kuti mukufuna masheya 1,000 ndipo sikirini ikuonetsa $10.00. M'buku la maoda muli masheya 200 pa $10.00, ena 300 pa $10.05 ndi ena 500 pa $10.20. Maketi oda idzasesa onsewo. Mudzalipira $2,000, kuwonjezera $3,015, kenaka $5,100, zonse pamodzi $10,115 m'malo mwa $10,000 imene munawerengera. Kusiyana kwa $115 kumeneku ndiye silipeji, kuterereka kwa mtengo.

Silipeji imakula nkhani yaikulu ikangotuluka, chifukwa ogulitsa amachotsa maoda awo n'kusiya buku lopyapyala. Chitsanzo ndi lipoti la ntchito la ku America, limene nthawi zambiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 2:30 kapena 3:30 masana nthawi ya kuno malinga ndi nyengo. Pa 6 Meyi 2010, msika wa ku America utagwa mwadzidzidzi, masheya a Accenture amene anali pafupifupi $40 anagulitsidwa pa senti imodzi kwa kanthawi, chifukwa maoda ogulitsa pa mtengo uliwonse anapeza ogula atathawa.

Tsopano tione komishoni. Misika yambiri ya ndalama za pa intaneti ili ndi mitengo iwiri: Taker kwa amene watenga katundu amene anali kale m'buku, ndi Maker kwa amene oda yake yakhala m'buku kudikira. Ya Maker kawirikawiri imatsika. Tinene kuti Taker ndi 0.1 peresenti, Maker ndi 0.05 peresenti. Pa chitsanzo chathu, ndiye pafupifupi $10 ndi $5. Mwaona kuti komishoni ikusiyana ndi $5 yokha pamene silipeji yadya $115. Choncho musasankhe oda poyang'ana komishoni yokha.

Chimene silipeji imawononga kwenikweni ndi masamu a malonda anu. Mwina munakonza zolowa pa $10.00, kutuluka pa $9.80 zikavuta, ndi kugulitsa pa $10.40 zikayenda. Munaika pachiswe masenti 20 kuti mupeze 40. Mutalowa pa $10.12, mwaika pachiswe masenti 32 kuti mupeze 28 okha. Mpata wabwino uja wasanduka woipa musanayambe n'komwe.

Nayo limiti oda ili ndi minga yake. Mukaika pa $9.95 kuti mulipire komishoni yochepa, mtengo utha kukwera osabwereranso, inu n'kutsala chimanjamanja. Choipa china n'chakuti oda yotere imakwaniritsidwa mosavuta pamene mtengo ukugwa mwamphamvu: mwagula pa $9.95, mphindi yotsatira uli pa $9.70.

Pali njira yapakati. Ikani limiti oda pamwamba pang'ono pa mtengo wa wogulitsa, monga pa $10.05. Nthawi yomweyo mudzapeza masheya 500 pa $5,015, kutanthauza $10.03 sheya iliyonse, ndipo otsala 500 adzadikira. Pa amene mwagula pompowo mudzalipira komishoni ya Taker, koma a $10.20 aja simuwakhudza. Ngati simukufuna kuti otsalawo adikire, sankhani IOC, imene imafafaniza gawo losagulidwa.

Ndiye polowa musankhe iti? Tsegulani buku la maoda kaye. Ngati katundu wa pa mtengo woyamba akuposa oda yanu kangapo, ndipo mtengo wa ogula ndi wa ogulitsa yayandikana, maketi oda siikupwetekani. Ngati mitengo iwiriyi yatalikirana kapena manambala akudumphadumpha, lowani ndi limiti oda pa mtengo wotsiriza umene masamu anu akulola. Mtengo ukakusiyani, ndalama zanu zikadali m'thumba. Potuluka m'malonda amene akukudyerani ndalama nkhani imatembenuka, pakuti pamenepo chachikulu n'kutuluka, ndipo maketi oda ndiyo imagwira ntchito.

Mukagula, yerekezani mtengo umene munaona ndi umene walembedwa mu mbiri ya maoda anu. Mukatero kwa mwezi wathunthu, mudzadziwa maola ndi katundu amene amakutererani kwambiri.