Chenjezo limodzi, zilankhulo zingapo, malo a zilembo 160

Namondwe wa Freddy atafika m'chigawo chakummwera m'mwezi wa Malichi 2023, anthu amene anayenera kuchenjezedwa sanali olankhula chilankhulo chimodzi. Ku Nsanje kuli Chisena, ku Mulanje ndi ku Phalombe kuli Chichewa ndi Chilomwe, ku Machinga ndi ku Mangochi kuli Chiyao. Ndikufuna tione mmene uthenga wa pafoni umodzi ungalembedwere kuti onsewa amve chinthu chofanana. Chitsanzo chimene ndigwiritse ntchito ndachilemba ndekha, sikuti chinatumizidwa nthawi imeneyo ayi.

Ine sindiyambira pa chiganizo cha Chingerezi n'kumachimasulira. Ndimayamba ndalemba mfundo zosasintha: ngozi yake, malo, nthawi, chochita, ndi amene watumiza. Womasulira aliyense amalandira mfundozi, ndipo amamanga chiganizo monga mmene chilankhulo chake chimayendera. Chimene chiyenera kufanana ndi mfundo ndi ndondomeko yake, osati kuchuluka kwa mawu.

Tsono taonani chiganizo ichi: "Madzi asefukira ku Nsanje mawa." Chikuoneka chabwinobwino, koma chili ndi misampha iwiri.

Woyamba uli pa mneni. Polankhula, "asefukira" wonena zimene zachitika kale ndi "asefukira" wonena zimene zichitike posachedwa amasiyana ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liwu. Polemba, kusiyana kumeneku sitikuonetsa. M'chiganizo chathuchi amene akutipulumutsa ndi "mawa" yekha. Munthu wofupikitsa uthenga akangomuchotsa, wina awerenga kuti madzi afika kale, n'kunena kuti, "Ndiye kwathu kuno atiphonya," n'kugona. Womasulira m'Chisena nayenso angasankhe nthawi yolakwika. N'chifukwa chake ndimalemba "udzasefukira": ka -dza- kamadya malo a zilembo zitatu koma sikasiya chikayiko.

Wachiwiri ndi "mawa" yemweyo. Amasiyana ndi "m'mawa" ndi kachilembo kamodzi basi, ndipo ambiri pafoni salemba kachizindikiro kapakatiko. Choipa kwambiri n'chakuti "mawa" ndi "lero" amadalira tsiku limene munthu wawerenga. Magetsi akazima, netiweki n'kugwa, uthenga umatha kufika patapita tsiku, ndiye "mawa" uja wasanduka lero. Vutoli limatsatira uthengawo m'zilankhulo zonse, kaya ndi "mangwana" wa Chisena kapena "malaŵi" wa Chiyao (inde, m'Chiyao mawu amenewa amatanthauza mawa). Dzina la tsiku ndi deti ya manambala sizisuntha.

Pa chochita, ndimapewa "samukani". Kusamuka ndi kuchoka ndi katundu yense kukakhala kwina, ndipo munthu amene ali ndi munda ndi mbuzi amayamba waganiza kaye. "Khalani tcheru" ndiye sauza munthu kuti aponde kuti. "Pitani kumtunda" akunena ulendo wake ndi kolowera. Mukasankha mneni ameneyu, uthenga wachiwiri ndi wachitatu ukhale ndi yemweyo, chifukwa mukasintha mawu anthu amayesa kuti lamulonso lasintha.

Uthenga wonse ukhoza kukhala chonchi:

```
CHENJEZO Nsanje: Mtsinje wa Shire udzasefukira usiku wa Lachiwiri, 14 Malichi. Pitani kumtunda Lachiwiri dzuwa lisanalowe. Musawoloke mtsinje. Ofesi ya DC
```

Ukawerenga zilembo, zizindikiro ndi mipata yomwe, zikukwana 154. SMS imodzi imanyamula 160 ngati zilembo zonse zili mu GSM-7. Apa m'pamene ife okonda kalembedwe koyenera timapwetekedwa mtima. Chilembo cha ŵ mulibe mu GSM-7. Mukangolemba "dzuŵa", uthenga wonse umasinthira ku UCS-2, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wautali umaduladulidwa m'zigawo za zilembo 67, choncho chenjezo lathu likhala zigawo zitatu. Chigawo chimodzi chikachedwa, munthu sangalandire uthenga wathunthu. Kachizindikiro kopindika kamene kompyuta imaika yokha mu "m’mudzi" kapena "pang’ono" kamachitanso chimodzimodzi, pamene kowongoka (') kalibe vuto. M'buku ŵ ndimamuteteza, koma pa chenjezo ndimamusiya, ndipo womasulira wa Chiyao kapena Chitumbuka, kumene chilembochi chimapezeka kawirikawiri, ayenera kuuzidwa zimenezi asanayambe.

Poyesa ngati zomasulirazo zikugwirizana, musafunse kuti, "Kodi zamveka?" Aliyense amangoti eya. Pezani wolankhula chilankhulocho amene sanaone uthenga woyamba, mumuwerengere kamodzi mokweza, chifukwa ambiri adzaumva kwa mnzawo kapena pa wailesi. Kenako mufunseni kuti apita kuti, ndipo anyamuka liti. Wa Chisena akati Lachiwiri dzuwa lisanalowe, wa Chiyao n'kunena kuti Lachiwiri usiku, ndiye kuti m'Chiyaomo nthawi ya madzi yasokonezeka ndi nthawi yonyamukira, ndipo chiganizo chimenecho chiyenera kulembedwanso.