Tikiti ya ogula msanga: mtengo wake ndi tsiku lotsekera

Okonza mgonero wopezera ndalama amadziwa vuto ili: hotela ikufuna dipoziti lero, pomwe anthu amagula matikiti sabata yomaliza. Njira yothanirana nalo ndi kugawa mitengo pawiri kapena patatu, kuti wogula msanga alipire yochepa, wochedwa alipire yambiri. Koma njirayi imapindula pokhapokha mitengo ndi masiku ake zitawerengedwa bwino.

Tiyerekeze kuti gulu la omwe anaphunzira pasukulu ina ya sekondale likukonza mgonero mu Lilongwe pa 29 Novembala, ndipo holo yake ndi ya anthu 200. Hotela ikulipiritsa K40,000 pa mbale. Holo, oyimba, zokuzira mawu ndi zokongoletsa zikukwana K3,000,000, ndipo ndalama imeneyi siisintha kaya anthu abwere ambiri kapena ochepa. Holo ikadzaza, mpando uliwonse udya K55,000. Koma wanzeru sawerengera holo yodzaza. Pakabwera anthu 150 okha, mpando umodzi udya K60,000, choncho tikiti yotsika mtengo kwambiri isatsike kuposa pamenepa. Komitiyi ikhoza kuika K65,000 kwa ogula msanga, K80,000 ngati mtengo weniweni, ndi K100,000 kwa ochedwa. Kusiyana kwake kuzioneka ndithu, chifukwa palibe amene angathamangire kulipira pofuna kupulumutsa K2,000.

Masiku otsekera sasankhidwa chifukwa akumveka bwino pachithunzi cholengezera. Amawerengedwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa masiku omwe komiti iyenera kutulutsa ndalama. Tinene kuti hotela ikufuna dipoziti ya K3,500,000 pofika pa 17 Okutobala. Ndiye kuti mtengo wa ogula msanga uyenera kutha tsikuli lisanafike, kusiya mpata woti ndalama za pa Airtel Money, pa Mpamba ndi za kubanki zisonkhanitsidwe pamodzi. Kenako yang'anani nthawi ya malipiro. Anthu apantchito amalandira kumapeto kwa mwezi, ndipo kutsekera pa 15, matumba atauma, n'kudzipweteka nokha. Pa 5 Okutobala ndi pabwino: malipiro a Sepitembala alowa, ndipo sanathe. Matikiti 60 a K65,000 abweretsa K3,900,000, dipoziti yakwana.

Chiwerengero cha 60 chimenechi chilengezedwe limodzi ndi tsikulo: mtengowu utha pa 5 Okutobala, kapena matikiti 60 akatha, chilichonse chomwe chingayambe. Onani chifukwa chake. Tinene kuti makampani agula matebulo atatu a anthu khumi pa K1,000,000 tebulo limodzi, anthu 60 agula msanga, 90 agula pa K80,000, ndipo 20 agula mochedwa. Zonse zikwana K16,100,000. Mukachotsa K11,000,000 ya chakudya ndi zolipira zina, patsala K5,100,000. Koma mipando 170 yonse ija ikanapita pa K65,000, pakanatsala K3,050,000 yokha. Holo ndi yodzaza chimodzimodzi, koma ndalama yoposa K2,000,000 yapita.

Tsiku lachiwiri limatsatira nzeru yomweyo. Mtengo wa K80,000 uthe pa 5 Novembala, malipiro a Okutobala atangolowa. Lachitatu limachokera kukhitchini: ngati hotela ikufuna chiwerengero chomaliza cha mbale pa 22 Novembala, kugulitsa kutsekedwe pa 20. Kugulitsa pakhomo n'koopsa pa mgonero, chifukwa munthu wolipira K100,000 n'kupeza chakudya chatha sabweranso chaka chamawa. Makampani okha musawapanikize ndi mtengo wa ogula msanga. Iwo amafuna invoisi ndi masiginecha a mabwana angapo, choncho makalata awo apite koyambirira, ndipo apatsidwe tsiku lawolawo lolipirira.

Zinthu ziwiri zimagwetsa dongosolo lonseli. Choyamba ndi mawu aja akuti "mundisungire, ndikupatsani kumapeto kwa mwezi." Tikiti yosungitsa pakamwa siilipira dipoziti. Mtengo uzitsatira tsiku lomwe ndalama yalowa, ndipo lamuloli likhudze aliyense, ngakhale mlamu wa wapampando. Chachiwiri ndi kuwonjezera masiku. Mukalengeza pa 6 Okutobala kuti mtengo wotsika upitirira sabata ina, amene anathamanga amaona kuti mwawapusitsa, ndipo ena onse amaphunzira kuti masiku anu ndi ongolankhula.

Anthu ambiri amagula m'masiku awiri kapena atatu omaliza, choncho kuzizira kwa pakati kusakuchititseni mantha. Akumbutseni kutatsala sabata, kenako kutatsala tsiku limodzi. Koma tsikulo likadutsa mutagulitsa matikiti 20 okha mwa 60 aja, vuto si tsiku ayi: mwina uthenga sunafike kwa oyenera, kapena mtengo wakwera. Kambiranani ndi hotela za chipinda chocheperako dipoziti isanalipidwe. Ndipo musanasindikize tikiti ndi imodzi yomwe, tengani kaye kalata ya hotela yosonyeza tsiku la dipoziti ndi tsiku lopereka chiwerengero cha mbale.