Geni ya tomato yamadzulo: werengani milu musanaode

Ambiri a ife timaweruka kuntchito cha m'ma 5 koloko, ndipo nthawi ya geni imene imatsala ndi maola awiri kapena atatu basi. Koma maola amenewa ndi amene anthu amasaka ndiwo zamadzulo, ndipo amene wagula usipa amafunanso tomato ndi anyezi. Nchifukwa chake benchi loima pafupi ndi ogulitsa nsomba, kapena panjira yochokera kudooko, limayenda malonda.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kuoda tomato wochuluka kuposa amene angathe m'maola ochepawa. Kunyanja kuno kumatentha, ndipo tomato wopsa sachedwa kufewa.

Tiyerekeze kuti mwaoda beseni la tomato 200 pa K20,000, kabaza n'kukudyerani K2,000. Zonse pamodzi ndi K22,000. Chotsanipo tomato 20 wophwanyika ndi wa basela, atsala 180. Mukaika anayi pamulu, ikwana milu 45. Ndiye kuti mulu uliwonse mwaugula pafupifupi K490, ndipo mukaugulitsa K600 mupeza K27,000, phindu K5,000. Mitengo imasinthasintha, maka nthawi ya dzinja pamene tomato amasowa, koma kawerengedwe kake ndi komweka.

Tsono nkhani yagona apa. Ngati pamalo panu pamatha milu 15 madzulo amodzi, beseni litha masiku atatu ndipo phindu lija ndi lanu. Koma ngati pamatha milu 8 yokha, pofika tsiku lachinayi mwagulitsa milu 32, ndalama K19,200, ndipo wotsalayo wayamba kuchucha madzi. Apo mpamba waperewera ndi K2,800. Choncho sabata yoyamba yambani ndi theka la beseni, muzilemba milu imene yatha tsiku lililonse, kenako muziodano molingana ndi masiku atatu.

Pooda, musakhutire ndi wapamwamba. Uzani wogulitsayo akhuthule beseni muone wapansi, chifukwa wophwanyika amabisala kumeneko. Sakanizani wofiira ndi wongoyamba kupsa: wofiira atuluke lero, winayo adikire mawa ndi mkuja. Kunyumba muyaleni pamphasa pamthunzi podutsa mphepo, osati m'thumba lapulasitiki. Mmawa uliwonse musanapite kuntchito chotsani wong'aluka ndi wa madontho akuda, poti mmodzi wowola amawoletsa anzake. Wofewa koma wabwinobwino mugulitseni motsitsa tsiku lomwelo kwa ophika m'malesitilanti.

Ngati ndalama yatsalako, onjezani anyezi wouma bwino pakhosi. Ameneyu amakhala masabata angapo osawonongeka, ndiye tsiku limene mwachedwa kuntchito kapena kwagwa mvula sataya mpamba.

Chomaliza ndi ngongole. Pa beseni lija, milu 9 yongotengedwa kuti "ndipereka mawa" ndi K5,400, kuposa phindu lonse. Ngakhale wapakhomo akafuna wothira m'ndiwo, mulu umenewo ulembedwe m'kope.