Musanalembe za Ndakatulo za Mapanje, Yambani Mwamva Amene Anakutsogolerani

Pabwalo la milandu kumudzi, munthu wofika mochedwa sangodzuka n'kuyamba kuyankhula. Amayamba wanong'oneza mnzake kuti amuuze amene ayankhula kale, zimene anena, ndiponso mbali imene aliyense waima. Wophunzira amene akufuna kulemba pepala la kafukufuku pa zolembalemba ali ngati munthu ameneyu, chifukwa buku limene wasankha ena analikambirana kale zaka zambiri iye asanafike. N'chifukwa chake aphunzitsi a kukoleji amayamba amupempha kuti abweretse mndandanda wa mabuku ndi nkhani za akatswiri, chilichonse chili ndi ndemanga yaifupi pansi pake. Ophunzira ambiri amaiona ngati ntchito yongokopera mayina. Ine ndimaona kuti pepala lonse limachira kapena kufera pomwepa.

Tiyeni titenge chitsanzo chapafupi. Mu 1981 kampani ya Heinemann inasindikiza buku la ndakatulo la Jack Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods. Cha m'ma 1985 boma la Kamuzu Banda linalichotsa m'masitolo ndi m'masukulu. Mu Seputembala 1987 Mapanje, amene pa nthawiyo ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi ku koleji ya Chancellor ku Zomba, anamangidwa n'kuponyedwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anatuluka mu Meyi 1991. Tinene kuti wophunzira wina wasankha kulemba za buku limeneli.

Choyamba chimene ayenera kukhala nacho ndi funso, ndipo likhale lopapatiza. Akangonena kuti akulemba za ndakatulo za Mapanje, chilichonse chotchula dzinali chidzaoneka choyenera kulowa, mndandanda n'kusanduka nkhokwe yosakaniza chimanga ndi madeya. Koma akafunsa kuti, kodi Mapanje anabwereka chiyani ku nthano, zining'a ndi nyimbo za makolo kuti adzudzule olamulira popanda kuwatchula, ndiye kuti wapeza sefa. Buku lililonse limene angaligwire adzalifunsa ngati likunenapo kanthu pa funso limeneli.

Sefayi imagwetsa ngakhale mabuku otchuka. Decolonising the Mind la Ngugi wa Thiong'o, la mu 1986, limapezeka pa mindandanda yambiri ya ophunzira chifukwa dzina lake ndi lolemera. Koma nkhani yake yaikulu ndi ya chiyankhulo chimene mlembi wa mu Afirika ayenera kulembera. Ngati pepala silikufunsa chifukwa chimene Mapanje analembera m'Chingerezi, bukulo lidikire tsiku lina.

Kenaka pali kusiyanitsa mitundu iwiri ya zolemba. Ndakatulo zenizenizo ndizo zikufufuzidwa, ndipo zimakhala pazokha. Mndandanda tikunenawu ndi wa anthu amene anaziwerenga n'kuzitanthauzira. Pakati pa ziwirizi pali zina zovuta kuziika. Mu 2011 Mapanje anatulutsa And Crocodiles Are Hungry at Night, buku lofotokoza za kumangidwa kwake. Ndi umboni wamtengo wapatali, koma ndi mawu a mwini nkhani, olembedwa patadutsa zaka makumi awiri atatuluka m'ndende. Wophunzira angaliike, bola ndemanga yake inene poyera kuti uyu ndi mlakatuli akukumbukira moyo wake, osati katswiri wakunja akuunika ndakatulo.

Zofufuza zimayambira pa kompyuta masiku ano. Pa Google Scholar kapena JSTOR munthu angalembe `Mapanje AND censorship`, kenaka `Mapanje AND "oral tradition"`, n'kuona zimene zituluke. Koma pa zolemba za ku Malawi kompyuta yokha imanamiza, chifukwa zambiri zimene zinalembedwa kuno m'zaka za m'ma 1980 sizinaikidwepo pa intaneti. Zili m'chipinda cha mabuku a za Malawi m'laibulale ya yunivesite ku Zomba ndi m'mapepala a madigiri amene sanasindikizidwe. Njira imene sinanditayepo ndi yotsata mapazi: mukapeza nkhani imodzi yabwino, tsegulani kumapeto kwake muone amene mlembiyo anawawerenga. Dzina likabwerezedwa m'nkhani zitatu kapena zinayi, dziwani kuti ameneyo ndi mmodzi mwa akuluakulu a pabwalo, ndipo simungamudumphe.

Mukatsata mapazi pa nkhani ya Mapanje, posakhalitsa mufika pa buku la Leroy Vail ndi Landeg White. Polemba mzere wake motsatira kalembedwe ka MLA, kamene madipatimenti ambiri a zolembalemba amafuna, mumayamba ndi dzina la bambo la mlembi woyamba, kenaka mutu wa buku wopendeketsa, wosindikiza ndi chaka:

Vail, Leroy, and Landeg White. *Power and the Praise Poem: Southern African Voices in History*. UP of Virginia, 1991.

Mzere ukapitirira, wachiwiri umalowa m'kati ndi theka la inchi, ndipo mabuku onse amandandalikidwa motsatira alifabeti. Izi n'zosavuta, ndipo pulogalamu ngati Zotero imathandiza, ngakhale muyenera kufananitsa zimene yakupatsani ndi tsamba loyamba la buku lenilenilo. Ntchito yeniyeni ili m'ndime yapansi pake.

Wophunzira wofulumira amalemba kuti bukuli likukamba za ndakatulo zapakamwa za kum'mwera kwa Afirika ndipo ndi lothandiza kwambiri pa kafukufuku wake. Palibe bodza pamenepo, koma palibenso chimene wanena. Munthu amene wangoona chikuto angalembe zomwezo. Chizindikiro chodziwira ndemanga yofooka ndi mneni wake. Ikamati "likukamba za" kapena "likufotokoza za", yangotchula mutu wa nkhani. Ikamati "likunena kuti" kapena "likutsutsa zoti", yakakamizika kutchula mfundo, ndipo mfundo simungaitchule musanawerenge.

Ndemanga yabwino ya buku lomweli, ya mawu pafupifupi 100 mpaka 150, ingayende motere. Vail ndi White akunena kuti m'madera ambiri a kum'mwera kwa Afirika muli mwambo wolola kuti zimene sizinganenedwe pamaso pa mfumu zinenedwe m'nyimbo kapena m'ndakatulo, ndipo chilolezocho chimakhala cha nyimboyo, osati cha munthu woimbayo. Umboni wawo akuutenga m'malo osiyanasiyana, monga nyimbo za ogwira ntchito m'minda ya nzimbe m'chigwa cha Zambezi ku Mozambiki ndi nyimbo za vimbuza za Atumbuka, ndipo m'mutu wina akuwerenga Mapanje ngati wolowa m'malo wa mwambo umenewu. White anaphunzitsapo ku yunivesite ya Malawi ndipo anakonzera limodzi ndi Mapanje buku la Oral Poetry from Africa mu 1983, choncho akulemba monga womudziwa bwino ndiponso monga mnzake. Bukuli lipereka maziko a gawo loyamba la pepala langa, koma ndifunsa ngati chilolezo cha nyimbo yoimbidwa pagulu chimagwirabe ntchito ndakatulo ikasindikizidwa m'Chingerezi ku London pansi pa dzina la munthu mmodzi.

Taonani zimene zachitika m'ndime imeneyi. Mfundo ya alembi yatchulidwa m'mawu a wophunzira mwini. Umboni umene anaimirapo waoneka. Tadziwa pamene alembiwo aima. Ndipo chiganizo chomaliza chabala funso limene likhoza kunyamula pepala lonse, pakuti Mapanje anamangidwadi, kusonyeza kuti boma silinalemekeze chilolezo chilichonse. Wophunzira amene wafika apa wayamba kale kulemba pepala lake asakudziwa.

Mbali yonena za pamene mlembi waima ndi imene ndimafuna ophunzira athu aisamale koposa, chifukwa mbiri ya dziko lino imaipatsa kulemera kwapadera. Lamulo lounika ndi kuletsa mabuku linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mpaka mavoti a 1993 ndi 1994 munthu wolemba ali ku Zomba sakanatha kumasulira poyera kuti ndakatulo yakuti ikuloza Ngwazi. Kutero kukanakhala kupereka mlakatuli m'manja mwa apolisi, ndi kudzipereka yekha. Ndiye mukapeza nkhani ya nthawi imeneyo yongokamba za nthano ndi kaumbidwe ka mizere, musafulumire kulemba kuti mlembiyo sanaone ndale. Mwina anaziona bwino lomwe, koma anasankha kukhala chete. Olemba ali kunja anali ndi ufulu wokulirapo, ngakhale iwonso ankadziwa kuti mawu awo akhoza kupweteka munthu ali ku Mikuyu. Chaka ndi malo osindikizira, zimene ambiri amaziona ngati zokongoletsa mzere, pano ndi umboni. Buku la Adrian Roscoe ndi Mpalive-Hangson Msiska, The Quiet Chameleon, linatuluka mu 1992, Banda akadali pampando, ndipo ndemanga yake iyenera kunena zimenezi.

Mabuku akafika asanu ndi atatu kapena khumi, kapena kuchuluka kumene mphunzitsi wapempha, yalani ndemanga zonse patebulo muziwerenge motsatizana. Ngati onse akugwirizana pa chilichonse, simunathe kufufuza. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu khumi yoganiza chimodzimodzi nayonso siikupatsani poyambira mtsutso. Bwererani mukasake amene akuwerenga ndakatulozo mwanjira ina, mwina amene akuona kuti kuthamangira ndale kwaphimba luso la mawu. Mukamupeza, m'ndemanga yake mutchule amene akutsutsana naye. Apa mndandanda umayamba kumveka ngati anthu akukambirana.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimandipweteka kuposa zonse, ndicho kulemba ndemanga ya buku limene munthu sanaligwire. Zimachitika chifukwa mabuku ndi osowa, ndipo ndikumvetsa. Wophunzira amapeza chidule cha nkhani pa intaneti, kapena amaona katswiri wina akutchula buku, n'kulemba ngati waliwerenga. Mphunzitsi wodziwa amazindikira msanga, chifukwa ndemanga yotere ilibe nambala ya tsamba ngakhale imodzi, ilibe chitsanzo, ndipo mawu ake amafanana ndi a pachikuto. Njira yoona ilipo. Ngati mwawerenga mutu umodzi wokha, lembani mutuwo ndi masamba ake, ndipo ndemanga ikhale ya mutu umenewo. Ngati mawu a katswiri mwawapeza kudzera mwa wina, MLA imalola kulemba `qtd. in` kutsogolo kwa dzina la amene mwamuwerengadi, ndipo pa mndandanda pamalowa iyeyo.

Kwa inu amene mukuyamba ntchitoyi teremu ino, pempho langa ndi lakuti ndemanga muzilemba tsiku lomwelo mwamaliza kuwerenga, buku lili chitsegulire patsogolo panu, ndipo pambali muzisunga manambala a masamba amene mfundo zikuluzikulu zili. Buku la m'laibulale mukalibweza lero, mawa mudzapeza lili m'manja mwa mnzanu, ndipo mwina simudzalionanso mpaka tsiku lopereka pepala litadutsa.