Masiku 120 a Selo Lofiira la Magazi

Selo lofiira la magazi limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Limapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, limanyamula mpweya wa okosijeni kwa miyezi inayi, kenako limaphwanyidwa makamaka m'kapamba. Mwa munthu wamkulu maselo oposa 2 miliyoni amafa pa sekondi iliyonse ndipo ena ochuluka chimodzimodzi amalowa m'malo mwake. Thanzi la magazi limadalira kuti kupanga ndi kuphwanyaku kuziyenda mofanana.

Chiwalo chimene chimayang'anira kuchuluka kwa maselowa ndi impso. Magazi ambiri amadutsa mu impso nthawi zonse, ndipo m'kati mwake muli maselo amene amazindikira msanga okosijeni akachepa. Zikatero amatulutsa homoni yotchedwa eritropoyetini, imene imayenda ndi magazi kukafika m'mafupa. Okosijeni akakwanira, impso zimachepetsa homoniyo. N'chifukwa chake munthu amene wataya magazi, kapena amene wasamukira kumapiri aatali kumene mpweya ndi wopepuka, amayamba kupanga maselo ofiira ambiri pakapita masiku ochepa. Njira imene maselo amazindikirira kuchepa kwa okosijeni inafotokozedwa ndi William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Odwala impso kwa nthawi yaitali amachepa magazi ngakhale akudya bwino, chifukwa impso zowonongeka sizitulutsa homoni yokwanira, ndipo ena amabayidwa jekeseni wa eritropoyetini wopangidwa ku fakitale.

Mwa wamkulu ntchito yopanga magazi imachitika makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, nthiti ndi fupa la pachifuwa. Muli maselo aang'ono amene ali pa njira yosanduka ofiira, koma ambiri mwa iwo amafa asanakhwime ngati eritropoyetini ndi wochepa. Ntchito yeniyeni ya homoniyi ndi kuwapulumutsa ku imfa imeneyi kuti agawikane ndi kuchuluka. Kwa pafupifupi sabata imodzi selo limagawikana kangapo, limacheperachepera, ndipo limadzaza ndi himogulobini, puloteni yofiira imene imagwira okosijeni. Pomaliza limalavula nyukiliyasi yake. Pa ntchito yonseyi pamafunika ayironi wopangira himogulobini, komanso foleti ndi vitamini B12 kuti maselo agawikane bwino. Ayironi akasowa, maselo amatuluka aang'ono ndi otuwa. Foleti kapena B12 akasowa, amatuluka akuluakulu koma ochepa.

Selo longolowa kumene m'magazi limatchedwa retikulosayiti, ndipo limamaliza kukhwima pa tsiku limodzi kapena awiri. Mwa munthu wathanzi pafupifupi selo limodzi pa maselo ofiira 100 aliwonse ndi lotere. Kuwerenga maselo atsopanowa kumathandiza kwambiri pofufuza kuchepa kwa magazi. Akakhala ambiri, ndiye kuti mafupa akugwira ntchito ndipo magazi akutayika kapena akuphwanyika kwinakwake. Akakhala ochepa, vuto lili pa kupanga.

Selo lokhwima ndi lophwatalala, lofewa, lokhoza kupindika podutsa m'timitsempha topapatiza kuposa ilo lomwe. Popeza lilibe nyukiliyasi, silingapange mapuloteni atsopano, choncho chimene chawonongeka sichikonzedwanso. Pang'onopang'ono khungu lake limauma. Kapamba amagwira ntchito ngati sefa ya ufa: magazi amayenera kudutsa pa timipata ting'onoting'ono, ndipo selo louma limakanirira. Pamenepo maselo akuluakulu otchedwa mamakurofeji amalimeza. Mamakurofeji a m'chiwindi ndi a m'mafupa amathandizanso.

M'kati mwa makurofeji himogulobini imagawidwa pawiri. Mbali ya puloteni, gulobini, imaphwanyidwa n'kugwiritsidwanso ntchito pomanga mapuloteni ena. Mbali yofiira, himu, ndi mkombero wokhala ndi ayironi pakati. Enzaimu yotchedwa himu okisijenesi imadula mkomberowo. Ayironi amatuluka n'kunyamulidwa ndi puloteni ya m'magazi yotchedwa tiransiferini kubwerera ku mafupa, ndipo pamatulukanso kampweya pang'ono ka kaboni monokisaidi kamene kamachoka kudzera m'mapapo. Chotsala ndi utoto wobiriwira, bilivedini, umene nthawi yomweyo umasandutsidwa bilirubini, utoto wachikasu. Kusintha kumeneku kumaoneka ndi maso pa munthu wa khungu loyererapo akagundidwa: magazi oundana pansi pa khungu amayamba ofiirira, kenako obiriwira, kenako achikasu.

Kuwerengetsa kumaonetsa kukula kwa ntchitoyi. Mwamuna wa malita 5 a magazi, amene himogulobini yake ndi magalamu 15 pa mamililita 100 aliwonse, ali ndi magalamu 750 onse pamodzi. Akagawidwa ndi masiku 120, magalamu 6 ndi pang'ono amaphwanyidwa tsiku lililonse. Galamu imodzi imapereka mamiligalamu pafupifupi 35 a bilirubini, kutanthauza oposa 200 pa tsiku, ndipo ena ochepa amachokera ku mapuloteni ena a himu. Magalamu 6 omwewo amabweza ayironi wokwana mamiligalamu 20, pamene matumbo amayamwa miligalamu imodzi kapena awiri okha kuchokera ku chakudya. Choncho ayironi wambiri wa maselo atsopano amachokera ku maselo akale, ndipo n'chifukwa chake kutaya magazi pang'onopang'ono, monga chifukwa cha njoka za m'mimba kapena msambo wochuluka, kumatha ayironi m'thupi kuposa mmene anthu ambiri amaganizira.

Bilirubini wongopangidwa kumene sasungunuka m'madzi. Amayenda atamatirira ku alubumini, puloteni ya m'magazi, ndipo impso sizingamutulutse. Chiwindi chimamutenga n'kumulumikiza ndi asidi wochokera ku shuga, wotchedwa gulukuroniki, ndipo tsopano amasungunuka n'kutsikira m'matumbo pamodzi ndi ndulu. Mabakiteriya a m'matumbo amamusintha, ndipo zotsatira zake n'zimene zimapatsa chimbudzi mtundu wake. Kagawo kochepa kamabwerera m'magazi n'kupatsa mkodzo mtundu wachikasu.

Bilirubini akapitirira mamiligalamu pafupifupi 3 pa mamililita 100 a magazi, maso amayamba chikasu. Chikasu si matenda paokha koma chizindikiro chakuti penapake pa njirayi pavuta. Mwa wodwala siko selo, maselo amatha pa masiku 10 mpaka 20 okha. Impso zimachulukitsa eritropoyetini, mafupa amawirikiza ntchito kangapo, komabe safikapo, ndipo bilirubini amachuluka kuposa mmene chiwindi chingathere. Wodwalayo amakhala ndi magazi ochepa, maretikulosayiti ambiri, maso achikasu, koma chimbudzi cha mtundu wake wa nthawi zonse. Malungo aakulu nawonso amaphwanya maselo ambiri, ogwidwa ndi tizilombo ndi osagwidwa omwe, ndipo kapamba amatupa ndi ntchito. Zimasiyana njira ya ndulu ikatsekeka, mwachitsanzo ndi mwala. Apo bilirubini wosungunuka amabwerera m'magazi n'kutuluka kudzera ku impso, mkodzo umada, chimbudzi chimatuwa ndipo thupi limayabwa.

Makanda ambiri amachita chikasu pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Maselo awo ofiira ndi ochuluka ndipo amakhala masiku 60 mpaka 90 okha, pamene chiwindi sichinakhwime. Kawirikawiri chikasuchi chimatha chokha pasanathe masabata awiri. Koma chikayamba pa tsiku loyamba, chikafika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena mwana akafooka n'kukana kuyamwa, afunika kupita naye kuchipatala msanga, chifukwa bilirubini wosasungunuka amatha kulowa mu ubongo n'kuuwononga kosabwezeka. Kuchipatala mwanayo amagonekedwa pansi pa nyali za buluu, zimene zimasintha kapangidwe ka bilirubini wa pakhungu kuti atuluke m'ndulu ndi mu mkodzo popanda kudikira chiwindi.